Tsamba lofotokoza kumene manambala a bajeti achokera

"Ndine msungichuma wa bungwe laling'ono la kumudzi ku Dedza. Tapempha thandizo lomangira zimbudzi pasukulu, koma otithandiza abweza bajeti yathu akuti tiwonetse kumene tatenga mtengo wa dola, kukwera kwa mitengo ndi mitengo ya katundu. Ndiyambire pati?"

Mayi, tsegulani tsamba latsopano mufayilo yomweyo ya Excel, mulitche `Assumptions`, ndipo likhale ndi mizati isanu: chinthu, nambala yake, kumene mwaitenga, tsiku limene munaitenga, ndi chifukwa chimene mwasankhira imeneyo. Lamulo lake ndi limodzi: nambala iliyonse yongoyembekezera ilembedwe kamodzi kokha, patsamba limeneli, ndipo mizere yonse ya bajeti izikatenga pamenepo. Mukalemba mtengo wa dola pamanja m'malo ambirimbiri, tsiku limene udzasinthe mudzaiwalako ena, ndipo zonkhetsa zanu sizidzagwirizana.

Pa dola ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene mabungwe ambiri amapsera. Kungolemba kuti "mtengo wa dola" sikokwanira. Pali umene a Reserve Bank of Malawi amalengeza, pali umene banki yanu imagulira dola, ndi wina wokwererapo umene imagulitsira. Thandizo likabwera m'madola, banki ndiyo ikugula kwa inu, choncho wowerengera ndalama zolowa ndi wogulira uja. Yang'ananinso mgwirizano wanu, poti opereka thandizo ena amakusankhirani okha: a European Union kawirikawiri amafuna wa InforEuro, umene umatuluka mwezi ndi mwezi.

Kumbukirani za mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anali ndi madola 10,000 anaona ngati apindula, popeza K11.8 miliyoni inasanduka K17 miliyoni, koma simenti, malata ndi mafuta zinakwera nthawi yomweyo. Amene anasainira thandizo lawo m'makwacha ndiwo analira kwambiri. N'chifukwa chake pansi pa mtengo umene mwasankha muikenso mzere woonetsa mmene bajeti ingakhalire kwacha itagwanso, mwachitsanzo ndi 25 peresenti monga zinachitikira mu Meyi 2022. Za mtengo wa dola wa pamsika wamseri musawerengere, palibe wofufuza mabuku angauvomere. Koma lembani poyera kuti ogulitsa katundu wochokera kunja ambiri amatsata umenewo poika mitengo, ndiye chifukwa chake makotesheni anu akuoneka okwera.

Kukwera kwa mitengo tengani ku National Statistical Office ya ku Zomba, imene imatulutsa chiwerengerochi mwezi uliwonse. Amapereka cha zinthu zonse pamodzi, komanso cha zakudya pachokha ndi cha zosadya pachokha. Inu mukumanga, ndiye chokuyenerani ndi cha zosadya, pakuti cha zonse pamodzi chimakokedwa kwambiri ndi chimanga.

Apa pali cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri: kuwonjezera peresenti ya chaka chonse pa chinthu chimene mugule pakangopita miyezi yochepa. Tiyerekeze kuti kotesheni ya thumba la simenti ndi K30,000, mwaika mu B5, ndipo mukuyembekezera kuti mitengo ikwera ndi 30 peresenti pachaka, mwaika 30% mu B3. Ngati mudzagule pakatha miyezi 6, mubajeti mulembe:

```
=Assumptions!$B$5*(1+Assumptions!$B$3)^(6/12)
```

Yankho ndi pafupifupi K34,205, osati K39,000. Pa matumba 200 kusiyanako kukuyandikira K960,000, ndipo wowerenga watcheru adzaganiza kuti mwakometsera dala. Miyeziyo muwerenge kuyambira tsiku la kotesheni, osati tsiku loyamba ntchito. Ndipo chinthu chimene mtengo wake uli kale m'madola musachiwonjezere kukwera kwa mitengo kwa kuno kenako n'kuchiwonjezeranso kugwa kwa kwacha. Kumeneko n'kuwerenga vuto limodzi kawiri.

Za mitengo ya katundu ndi zachidule. Mafuta a galimoto tengani pa chilengezo cha MERA ndi tsiku lake. Simenti, malata ndi misomali, pezani makotesheni atatu olembedwa, munene kuti mwatenga wotsikitsitsa kapena wapakati, ngati VAT ili momwemo, ngati akubweretserani mpaka pasukulu, komanso kuti kotesheniyo itha mphamvu liti, poti masiku ano ambiri sakhalitsa. Mchenga, njerwa ndi aganyu sizikhala ndi kotesheni, ndiye lembani kuti munafunsa anthu angati, kumsika uti, tsiku liti, ndipo wapampando wa komiti asainire pepalalo.

Musanatumize, yesani tsambalo: sinthani mtengo wa dola, muone ngati zonkhetsa za m'madola zasuntha paliponse, kenako ikani ziro mu B3, muone ngati mizere yonse yabwerera pa mitengo ya makotesheni. Mzere umene wangokhala osasuntha, kupatula wa chinthu chimene mtengo wake uli kale m'madola, dziwani kuti munabisala nambala yolembedwa pamanja, ndipo muukonze musanatumize fayiloyo.