Kasupe mkati mwa mtsinje: madzi amaima pati?

Kalata iyi yachokera kwa wophunzira uinjiniya wa chaka chachitatu: "Achimwene, ndaphatikiza madzi oyenda mowongoka ndi kasupe monga atiuzira m'kalasi. Pofuna malo amene madzi amaima, ndikupeza r = −0.5 m. Mtunda ungakhale bwanji ndi mayinasi? Nanga thupi latheka limene akunenalo lili kuti, poti m'masamumo sindikuona khoma lililonse?"

Zikomo achimwene. Masamu anu ali bwino, kungoti mwafunafuna kumbali yolakwika ya kasupe. Poti simunanditumizire manambala onse, nditenga anga amene akubweretsa yankho lomwelo: madzi akuyenda kupita kumanja pa liwiro la U = 2 m/s, ndipo kasupe ali pa r = 0, akutulutsa m = 6.28 m²/s pa mita iliyonse ya kuya. Tikaphatikiza ziwirizi tipeza:

```
ψ  = U r sinθ + mθ/(2π)
vr = U cosθ + m/(2πr)
vθ = −U sinθ
```

Poima madzi, vr ndi vθ onse ayenera kukhala 0. Kuti vθ akhale 0, pali njira ziwiri: θ = 0 kapena θ = π. Inu munasankha yoyamba, yomwe ili kumunsi kwa kasupe. Koma kumeneko mtsinje ndi kasupe akukankhira mbali imodzi, choncho palibe chingaimitse madzi. Mayinasi uja amakuuzani kuti mutembenuke. Ikani θ = π, kumtunda kumene madzi akuchokera, ndipo mupeza kuti mtunda wochokera pa kasupe kufika poima madzi ndi b = m/(2πU) = 0.5 m.

Ine ndimakonda kuti munthu aione nkhaniyi asanakhulupirire fomula. Ndi manambala athuwa, liwiro la madzi a kasupe ndi 1/r. Imani kumtunda kwa kasupe pa 0.25 m: kasupe akukankha pa 4 m/s, mtsinje pa 2 m/s, kasupe wapambana. Bwererani mpaka mita imodzi: kasupe watsala ndi 1 m/s, mtsinje wapambana. Pa theka la mita alingana mphamvu, ndipo madzi aima. Mukapeza b, yeserani motere nthawi zonse.

Tsono za khoma. Mukaika θ = π mu ψ mupeza ψ = m/2. Mzere wa madzi umene uli ndi nambala imeneyi umabwera molunjika kuchokera kumtunda, ukafika poima paja umagawikana pawiri, nthambi ina kumwamba, ina pansi. Maonekedwe a nthambi yakumwamba ndi r = b(π − θ)/sinθ. Madzi sadumpha mzere wa kayendedwe kawo, choncho a kasupe onse amakhala mkati, a mtsinje amalambalala kunja. Mutachotsa zamkatizo n'kuikamo simenti ya maonekedwe omwewo, madzi akunja sangadziwe kuti china chasintha. Khoma lake ndi limenelo. Thupili limatchedwa ndi dzina la Rankine, injiniya wa ku Sikotilandi amene anakhala ndi moyo kuyambira 1820 mpaka 1872. Amati latheka chifukwa lili ndi mphuno koma kumbuyo silitsekeka, pakuti madzi a kasupe ayenera kupeza kolowera.

Kukula kwake simufunika kuloweza. Kutali kumunsi, madzi a kasupe amayenda pa liwiro la U, ndipo onse m ayenera kudutsa, choncho mulifupi mwake ndi m/U = 3.14 m, mbali iliyonse 1.57 m. Molunjika pamwamba pa kasupe, pa θ = π/2, khoma lili pa 0.785 m, lomwe ndi theka chabe la kumene likulowera.

Pamphuno madzi amakankha kwambiri: pulesha imaposa ya kutali ndi ½ρU², ndiye kuti 2000 Pa ngati ρ = 1000 kg/m³. Kuchoka apo madzi amathamanga motsatira khoma mpaka 1.26U, kapena 2.52 m/s, pa θ wa madigiri pafupifupi 63, kenako n'kubwerera pang'onopang'ono ku U.

Pali misampha iwiri imene ndaona ikugwetsa anthu pa mayeso. Mabuku ena amalemba ψ ya kasupe ngati mθ, 2π ali kale mkati mwa m, ndipo kwa iwo b = m/U. Onani tanthauzo la m m'buku lanu musanayambe, apo ayi yankho lidzakula kapena kuchepa ka 6.28. Wachiwiri ndi kakyuleta: θ akhale mu maradiyani. Mukalemba 180 m'malo mwa π, ψ wanu ndi thupi lonse zisokonekera.

Masamuwa amatenga madzi ngati osakhulana ndi khoma. Kutsogolo kwa chipilala cha mlatho chobulungira mphuno, amapereka chithunzi chabwino cha liwiro ndi pulesha pakati pa kuya kwa madzi. Koma chipilala chenicheni chili ndi mapeto, ndipo kuseri kwake madzi amalekana ndi khoma n'kuyamba kuzungulirazungulira. Zimenezo ψ ameneyu sangakuonetseni, choncho musamugwiritse ntchito powerengera mphamvu imene mtsinje ukukokera chipilalacho.