Amene ali ndi ngongole yaikulu si amene akukupwetekani

"Ndimagulitsa katundu pa ngongole, m'buku phindu likuoneka koma ku banki kulibe kanthu, mwezi uno ndavutika kulipira antchito. Ndidziwa bwanji kuti ndani akundigwirira ndalama?"

Achimwene, tengani ma invoisi onse amene sanalipidwe muwalembe mu Excel, lililonse mzere wake, dzina la kasitomala, ndalama yotsala ndi tsiku limene amayenera kulipira. Ndikutitu tsiku lolipira osati limene munalemba invoisi, apa ndi pamene ambiri amasokoneza n'kumadzudzula munthu woti nthawi yake sinakwane. Ngati tsikulo lili mu D2, masiku ochedwa mupeza chonchi:

```
=TODAY()-D2
```

Kenako muwagawe, amene tsiku silinakwane, ochedwa masiku 1 mpaka 30, 31 mpaka 60, 61 mpaka 90, ndi opyola 90.

Tiyerekeze mumagulitsa za 600,000 pamwezi pa ngongole ya masiku 30 ndipo kunja kuli 1,000,000. Kasitomala woyamba ali ndi 500,000, wachiwiri 300,000, wachitatu 200,000. Maso amathamangira woyambayo eti? Koma mukagawa mupeza kuti zake zonse tsiku silinakwane, ameneyu musiyeni alibe mlandu. Wachitatu wachedwa masabata awiri, foni imodzi itha kukwana. Wachiwiriyo ndiye amandidetsa nkhawa, 200,000 yapyola masiku 90 pamene 100,000 inayo ndi katundu amene mwamupatsa mwezi uno womwe, ndiye kuti mukumuwonjezera munthu amene anasiya kale kulipira. Ine ndingaimitse kaye katundu mpaka tigwirizane kalipiridwe polemba, chifukwa ngongole ikamakalamba mwayi woti ibwere umanka nuchepa.

Nkhani ya ku banki ija ili apa. 600,000 pamwezi ndi 20,000 patsiku, ndiye 1,000,000 ndi malonda a masiku 50. Munagwirizana masiku 30, masiku 20 apamwambawo ndi 400,000 imene ikanakhala m'manja mwanu, ndipo ndi yomwe ija ya wachiwiri ndi wachitatu yochedwa. Buku linawerenga phindu tsiku limene munalemba invoisi koma okugulitsani katundu, eni nyumba ndi antchito safuna invoisi akufuna kashi, mapeto ake mukakongola pa chiwongoladzanja kuti mutseke dzenje la munthu wina amene inu simukumulipiritsa kalikonse.

Musanaimbe foni yang'anani kaye sitetimenti ya ku banki. Zimachitika kuti munthu analipira koma ndalamayo sinachotsedwe pa invoisi yake, kapena anabweza katundu inu osalemba. Chizindikiro chake n'choti invoisi imodzi yakale yangokhala pamene zatsopano zonse akulipira bwinobwino, kawirikawiri pamenepo pali kusagwirizana pa mtengo kapena invoisiyo sinamufike, mufunseni za imeneyo potchula nambala yake.