Ufa wa alendo a Loweruka

"Abale, nsima ya alendo 40 imafuna ufa wochuluka bwanji? Sindifuna kugula wambiri n'kutsala."

Ee, msuweni, ndamva... dikira nditseke wailesi. Eya. Iwe sukuopa kuti ufa utsala ayi, ukuopa akuchimuna aja kuti akakunena ku Katete. Haha, ndikudziwa ine! Ndiye 40 ameneyo wawerenga ndani? Ana a mlongo wako alimo? Nanga ophika, adya mphepo?

Ukumbuka amalume a ku Chadiza tsiku la chiliza cha agogo? Aa, iwe unali kusukulu... ayi, unalipo, ndiwe unalira ndi utsi uja. Amalume anaima pabwalo, chipewa chija kumutu, akuti, "Za ufa mundisiyire, ine ndadyetsapo anthu kumigodi." Munthu sanagwirepo mthiko chibadwire! Anawerenga mipando, osati anthu. Mipando basi. Anatulutsa malichero awiri, nkhokwe n'kutseka, n'kupita kukakhala ndi amfumu.

Azimayi ali mkati movundula, ufa woyera watha. Nsima ili tepetepe, chipande chikukana kuumba mtanda. Amama anathamangira kwa aneba, anapeza mgaiwa, n'kuthira momwemo. Inatuluka yamawangamawanga ngati nkhanga, pena yosapsa, yonunkha ufa. Amfumu anatema kawiri n'kusamba m'manja. Amalumewo tinawapeza kuseri akukokota nkhoko, akuti ndiyo amakonda. Mpaka lero usawatchulire lichero.

Ndiye ufa... ndimati chiyani? Eya. Kilo imodzi ikhutitsa akulu anayi. Asanu ngati muli mpunga pambali, koma anthu akwathu mpunga amati n'choseweretsa kukamwa, usaudalire. Anthu 40 ndiye makilo 8... ayi, bodza, 10. Ika 10. Ngati ulibe sikelo, ndowa ija ya malita 20 isadzaze kwenikweni, ndi yomweyo. Ukagula ufa wa bulekifasi dziwa kuti anthu amabwereza, ngwopepuka. Rola amakhala m'mimba.

Koma usagule wa makilo 10 ndendende, ndi pamene ndikufuna umve. Tenga thumba la 25. Uphike 10 poyamba, m'mapoto awiri, 5 uku 5 uku, chifukwa poto mmodzi mkono utopa, pansi papserera pamwamba pali paŵisi. Phala ulisiye liwire bwino usanayambe kuthira ufa wina. Poto wachitatu akhale pamoto ndi madzi otentha, ukangoona mitanda ikuchepa m'beseni, uponyamo ufa, palibe adziwe.

Wamva? Thumba la 25, wophika 10, madzi pamoto. Wotsala sumawola sabata imodzi, udya ndi ana.

Ndiponso ukapita ku Kapata ukafunse mashopu awiri atatu, usangonyamula poyamba monga uchitira. La 25, msuweni, osati kaja kakang'ono. Ndipo amalume akabwera uwapatse mpando kutali ndi khitchini.