Siketi ya ambulera: muyezo wa m'chiuno ndi mpendero wosalingana

"Ndili ku Ulongwe. Ndinasokera mwana wanga siketi ya ambulera, koma m'chiuno munakula, ndipo patatha masiku atatu kumunsi kunali kotalika kwina, kwina kwakufupi. Ndinalakwitsa pati?"

Amayi, tiyambire pa kabowo kapakati kolowa chiuno, chifukwa ambiri timangokadula ndi maso. Yezani chiuno cha mwanayo ndi tepi. Tinene kuti mwapeza masentimita 72. Chitenje chathu, kapulana, n'chochepa m'lifupi, sichikwana kudula siketi yathunthu popanda msoko, ndiye mudula zidutswa ziwiri, chilichonse pansalu yopindidwa pawiri. Misoko iwiri ya m'mbali idzadya masentimita 4, choncho 72 isanduka 76. Gawani 76 ndi 6.28, mupeza 12 ndi kanyenyeswa. Umenewu ndi mtunda wochokera pakona ya nsalu yopindidwa kukafika pamene padzadutse msoko wa lamba.

Koma sizasi isadutse pa 12. Idutse pa 11, sentimita imodziyo ndi yosokerapo lamba. Mukadula pa 12, msoko ugwera pa 13, ndipo chiuno chikula ndi masentimita oposa 6. Ndikuganiza kuti izi ndi zimene zinakuchitikirani. Mukangodula, dutsitsani makina kamodzi m'mphepete mwa kabowoko kuti kasatamuke.

Kutalika ndi kosavuta. Ngati mukufuna masentimita 60, phatikizani 12, 60 ndi 1 wa mpendero, ikhala 73. Gwirani tepi pakona yomweyo, muziiyendetsa mukulemba timadontho ndi choko. Chidutswa chilichonse chidya nsalu yotalika masentimita 146, ndiye gulani zitenje ziwiri, muzichape kaye.

Tsono za kumunsiko. Nsalu ili ndi ulusi woyenda m'litali ndi wina wopingasa. Pamene ulusi walunjika pansi, nsalu siitamuka. Koma pamalo anayi a siketiyi ulusi umagona mopendekeka, ndipo pamenepo kulemera kwa nsalu kumaikoka pang'onopang'ono. Tengani kachigamba mukakoke kuchokera kona ina kupita kona ina, mudzionere nokha. Ngati siketi ya mwanayo yatsika pamalo anayi otalikirana mofanana, simunadule molakwika, munangofulumira kupinda.

Mukasoka m'mbali, zipi ndi lamba, ipachikeni m'nyumba ndi mapegi angapo ogwira lambayo, usiku ndi usana wathunthu. Nsalu yoterera, yofewa, ipatseni masiku awiri. Ine ngakhale mwini wake akufuna kuivala kutchalitchi mawa lake, ndimakana, chifukwa kumasula mpendero wotalika pafupifupi mamita anayi ndi theka ndi ntchito yowawa.

Kenako mwanayo avale, ndi nsapato zake zomwe, aimirire pasimenti pamalo osalala. Yezani kuchokera pansi ndi rula kapena kamtengo kowongoka, osati kuchokera m'chiuno, mukulemba choko kuzungulira. Chepetsani zotsikazo, mupinde kampendero kakang'ono kawiri, theka la sentimita ulendo uliwonse, n'kusita. Mpendero waukulu pa nsalu yozungulira umachita makwinya. Siketi yoyambayo musaitaye: inatamuka kale, ndiye masulani mpenderowo muiyeze chimodzimodzi.