Mapu a maganizo kukhala manotsi owerengera mayeso

"Ndinajambula mapu a maganizo pa mutu wa kugayidwa kwa chakudya, koma ndikafuna kuwerengera mayeso ndimasowa poyambira. Ndiwasandutse bwanji manotsi otsika mzere ndi mzere?"

Mapu a maganizo ndi chojambula chokhala ndi mawu pakati ndi nthambi za mfundo zotuluka pamenepo. Amasonyeza zimene zikugwirizana, koma sanena chotsogola ndi chotsatira. Ndondomekoyo musankha nokha, ndipo musangozungulira pepala ngati mivi ya wotchi.

Mawu a pakati akhale mutu. Nthambi zazikulu muzipatse manambala ndi pensulo musanayambe kukopera. Pa mutu wanuwu ingotsatirani ulendo wa chakudya: 1 kamwa, 2 kummero, 3 chifu, 4 matumbo aang'ono, 5 matumbo aakulu. Tinthambi ting'onoting'ono tilowe pansi pake, monga 1.1 mano, 1.2 malovu.

Povuta ndi pa mizere yodumpha kuchoka ku nthambi ina kupita ku ina. Tinene kuti muli ndi nthambi ya chiwindi, ndipo muvi ukuchoka pa "ndulu" kukagwa pa "mafuta". Chakudya sichidutsa m'chiwindi, choncho nthambiyo ilibe malo ake paulendo uja. Ine ndingaiike pansi pa 4, pamene ndulu imagwira ntchito, n'kusandutsa muviwo chiganizo chathunthu: ndulu imapangidwa m'chiwindi ndipo imaphwanya mafuta kukhala timadontho m'matumbo aang'ono. Ambiri amangokopera mawu awiriwo, muvi n'kuutaya, chonsecho funso la mayeso limabisala pamuvipo.

Mukamaliza, bisani mapuwo muwerenge manotsi mokweza. Mukakumana ndi mawu ofotokozedwa kutsogolo, mwachitsanzo ma enzayimu pa 1.2 pomwe tanthauzo lake lili pa 3, kwezani tanthauzolo likhale pa 1.2.