Listi ya anthu obwera ku konfelensi musamangoikhulupirira

"Abale mwezi wamawa ndili ndi konfelensi yayikulu ya zamalonda konkuno ku Blantyre, okonza atitumizira listi ya anthu obwera, mayina ambirimbiri. Ndiifufuze bwanji kuti ndidziwe oti ndikakumane nawo? Ine ndimagulitsa sopo ndi zotsukira mmaofesi."

Asisi choyamba aimbireni okonzawo muwafunse kuti listiyo ndi ya anthu amene alipira kale kapena ndi ya amene angoitanidwa, chifukwa ine zimenezi zinandiliza ndipo mpaka pano ndikakumbuka mtima umandiwawa. Ine ndimasoka mayunifomu ndi maovolosi ku Limbe. Okonza konfelensi ina pa hotela ina mtauni muno ananditumizira PDF pa WhatsApp, mayina ndi maudindo ndi makampani zonse zili bwinobwino, ndipo chimene chinandipangitsa kulipira ndalama yolowera ndi listi imeneyo basi, chifukwa munali dzina la bambo wina wamkulu woona zogula katundu pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Mukudziwa kuti maesiteti amalemba anthu ambiri nthawi ya dzinja tiyi akachuluka, ndiye amafuna marenikoti, maapuloni ndi maovolosi mvula isanayambe, oda imodzi yokha ikhoza kukudyetsani chaka chonse.

Ndinafufuza bamboyo ngati ndikulemba mayeso. LinkedIn yawo ndinaiwerenga, chithunzi ndinasunga mufoni, ndinafunsa mlamu wanga amene amagwira ntchito cha ku Bvumbwe mtundu wa maovolosi amene anthu a pa esitetipo amavala, ndinapita kukagula nsalu yake ndikusoka masampulo ndi ndalama imene inali ya renti ya shopu. Mitengo ndinalemba pa pepala labwino lokhala ndi TPIN yanga, nambala ya msonkho ija. Usiku ndimayeseza zokanena, ana mpaka kumandiseka.

Tsiku lake, nthawi ya tiyi wa mmawa, ndinaona bambo wina atavala baji yolembedwa dzina la esiteti ija. Nkhope sinafanane kwenikweni ndi chithunzi koma ndinati mwina anangonenepa, komanso kachingwe ka bajiyo kanali katapotoka dzina lawo silimaoneka lonse. Ndinayandikira chikwama cha masampulo chili kumanja, kapu ya tiyi kumanzere, ndikuwapatsa moni ndi dzina la pa listi lija mwaulemu wonse. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato kenako mokweza, anthu onse a pa tebulo la masamusa akumva, anati mayi, bambo amenewo anachoka pa kampani yathu kalekale, inu mukukhala dziko liti? Anzawo awiri anaseka. Ine manja kunjenjemera tiyi kutayikira pa siketi, ndikufuna kufotokoza kuti ndatengera pa listi koma mawu osatuluka. Ndinawafunsa kuti nanga amene analowa mmalo mwawo ndi ndani, anati sizikundikhudza, ine ndi wa zamaakaunti ndangobwera kudzaimira abwana, natembenuka kupitiriza nkhani zawo za mpira. Ndinapita ku toileti ndikulira ndithu, munthu wamkulu ndi ana anga.

Koma amene ndinakwiya nawo kwambiri ndi okonzawo. Nditapita pa tebulo lolembetsera mtsikana wake anandiyankha akudina foni kuti aa listi ija ndi ya anthu amene tinawatumizira makalata, ambiri tinangotengera ya chaka chatha. Tamvani! Ndiye bwanji simunalembe choncho pamwamba? Ankadziwa bwino kuti ife amabizinesi ang'onoang'ono tikulipira chifukwa cha mayina amenewo. Imeneyo ndi nyambo, ndi kuba kwa masanasana, ndipo nditawalembera pambuyo pake sanayankhe mpaka lero koma chaka chotsatira ananditumiziranso uthenga woti ndilembetse msanga mitengo isanakwere, manyazi alibe.

Ndiye inu listi yanuyo muyang'ane ngati pamwamba palembedwa invited kapena confirmed, komanso ngati pali deti. Ikakhala yopanda deti ndipo pafupifupi dzina lililonse ndi la bwana wamkulu wa kampani, dziwani kuti ndi yongokometsera, mabwana amenewo amabwera pa mwambo wotsegulira okha, akangojambulitsa chithunzi ndi mlendo wolemekezeka galimoto zawo zimakhala zikulira kale panja. Amene amakhala mpaka madzulo ndi owaimira. Anthu amene mungawadalire kuti akhalapo ndi amene ali pa pulogalamu kuti akayankhula, ndi makampani amene athandiza ndi ndalama kapena agula malo oonetsera katundu, chifukwa amenewo alipira ndipo amakhala pa tebulo lawo tsiku lonse. Ngakhale ku Trade Fair ku Chichiri ndi chimodzimodzi, amene ali ndi sitandi ndi amene mumawapezadi.

Kwa inu wa sopo, bwana wamkulu sagula zotsukira. Fufuzani maudindo a anthu oona zogula katundu, a sitolo, kapena oyang'anira ofesi, mmahotela, mmasukulu ogonera konko, mzipatala zomwe si zaboma. Sankhani ochepa, asanu kapena asanu ndi mmodzi, chifukwa nthawi yocheza ndi ya tiyi ndi nkhomaliro basi ndipo theka lake limathera pa mzere wa chakudya. Aliyense mwa amenewo imbani pa nambala ya ofesi yawo mufunse amene wayankha kuti kodi a uje akadali pa udindo umenewu, ndipo ku konfelensi ija abwera okha kapena atuma munthu. Mayunitsi a foni imeneyo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi nsalu imene ine ndinagula. LinkedIn yokha siyokwanira, anthu ambiri kuno akasintha ntchito sakonza, bambo a pa listi aja tsamba lawo limasonyezabe esiteti yomweyo. Onaninso mu Nation ndi Daily Times ngati kampaniyo inalengezapo posachedwa kuti ikufuna osapulaya zotsukira, mukatero mumakhala ndi poyambira nkhani. Ngati pa asanu anuwo pali a mmaofesi a boma musataye nthawi kuwanyengerera pa tiyi, sangakupatseni oda pamenepo, zawo zimadutsa mu komiti ndipo adzakufunsani satifiketi ya PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu m'boma, ndi ya msonkho ya ku MRA, ndiye muwafunse chabe kuti amalemba liti mndandanda wa osapulaya.

Mmawa wake fikani msanga muime pafupi ndi tebulo la mabaji. Baji ikachoka pa tebulo ndiye kuti mwiniwake walowa, ikatsala mpaka nthawi ya tiyi mfufuteni pa pepala lanu.

Komabe kunena zoona musadzitopetse nazo kwambiri zofufuzazi. Oda imene ndinapeza ku konfelensi imeneyo inachokera kwa mayi wina amene pa listi panalibe, tinakumana pa sinki ndikupukuta siketi ija, anandibwereka kansalu ndikufunsa za chikwama changa, kunapezeka kuti ndi amene amagula mayunifomu a alonda pa kampani yawo. Koma listiyo muitanitsebe yatsopano kutatsala masiku awiri kapena atatu, muwauze akupatseni ya amene alipira okha, akayamba kuzungulirazungulira mundiuze ku inibokisi dzina la okonzawo ndione ngati si omwe aja.