Ziganizo zifupizifupi zikukudyera malikisi? Lumikiza, koma mosamala

"Achimwene, ndili Fomu 4 ku Kawale, aticha akuti chimangirizo changa ndi cha ziganizo zodukaduka ngati za ku pulayimale. Ndizilumikiza bwanji ndisanalembe MSCE?"

Mphwanga, yamba ndi kusaka ziganizo ziwiri zoyandikana zomwe zikukamba chinthu chimodzi. Mwachitsanzo walemba kuti: "Ndinakwera minibasi ku Area 25. Minibasiyo inafera pa mlatho." Dzina labwerezedwa ndi minibasi, ndiye pamenepo mpolumikizira. Chotsa lobwerezalo, ikapo "imene" kapena "yomwe", upeza: "Minibasi imene ndinakwera ku Area 25 inafera pa mlatho." Kachigawo ka "imene ndinakwera ku Area 25" ndi nthambi yosaima payokha, ntchito yake nkungotiuza kuti ndi minibasi iti.

Poyamba pomwe ambiri amagwera mpa mgwirizano. Tazolowera kuponya "amene" paliponse, koma "amene" ndi wa munthu, anthu, galu, mabuku ndi mayina a magulu amenewo. Buku ndi "limene", mtengo "umene", chimanga "chimene", nsapato zambiri "zimene", kamwana "kamene". Ukakayika yesa kaye "wake, lake, chake, yake", poti timati buku lake ndiye buku limene, minibasi yake ndiye minibasi imene.

Koma chomwe chimandisekesa ine nchoika nthambi patali ndi mwini wake. Taona ichi: "Tinagula nkhuku pafupi ndi sitolo imene inali ndi chitopa." Aaa, sitolo yadwala chitopa? Nkhuku ndi sitolo onse amatenga "imene", ndiye wochonga alibe pogwira, amangoimata pa dzina lomwe layandikira. Nthambi izikhala pambuyo penipeni pa dzina lake: "Pafupi ndi sitolo tinagula nkhuku imene inali ndi chitopa."

China, ukatalikitsa umatha kuiwala mneni wamkulu. "Mayi amene amagulitsa tomato ku Tsoka, omwe mwana wawo ndimaphunzira naye." Watseka ndi mpumiro, koma mayiwo atani? Palibe chomwe wanena. Njira yake ndi yachikale koma imagwira, phimba nthambiyo ndi chala uwerenge zotsalazo. Pa chiganizo cha minibasi chija patsala "Minibasi inafera pa mlatho", zomveka bwinobwino, pomwe apa patsala "Mayi" basi, ndiye onjezera "andipatsa ganyu" kumapeto. Uonenso ka "naye" ndi "wawo" m'menemo, usamatisiye timeneti, "mnyamata amene ndinapita" ndi nkhani ina, "amene ndinapita naye" ndi inanso.

Ndipo usalumikize zonse ayi, ma "amene" atatu m'chiganizo chimodzi wochonga amatopa ndipo zolakwa zimachuluka, malikisi omwe umafunawo nkuthawanso. Nthambi imodzi, mwina ziwiri, kenako kachiganizo kakafupi. Tenga chimangirizo chomwe aticha anakuchongera kale, uzungulize ndi pensulo mayina obwerezedwa m'ndime imodzi yokha, ulembenso ndimeyo kenako uwaonetse.